Mwana akasiya kulankhula kholo lake litachoka: mmene masewera amathandizira

Mwanayo anali ndi zaka 4, ndipo agogo ake ankati kale anali wolongolola moti pakhomo ankamutcha wayilesi. Ine ndinali mlangizi amene ankamuthandiza, koma sinditchula dzina lake kapena dera lakwawo. Banja la makolo ake litatha, bambo anakakhala kwina ndipo mayi anaganiza zokafuna ntchito ku Joni. Ananyamuka m'bandakucha mwana ali mtulo, poopa kuti akamuona akulira mtima uwawawa n'kulephera kukwera basi. Atadzuka, anamuuza kuti amayi apita kumsika. Anadikira pakhonde mpaka dzuwa kulowa. Sabata yoyamba analira ndi kufunsa. Yachiwiri anayambanso kukodza pogona, zimene anali atasiya kalekale. Pofika sabata yachitatu mawu anatheratu. Akafuna madzi ankangokoka chitenje cha agogo n'kuloza ndowa.

Chimene chimandiwawa pa nkhani ngati iyi n'chakuti akuluakulu ambiri amaona ngati kukhala chete kwa mwana ndi chizindikiro chabwino. Amati wazolowera, wasiya kuvuta. Kalekale, m'zaka za m'ma 1950 ku England, John Bowlby ndi James Robertson ankaonetsetsa ana aang'ono amene anagonekedwa m'chipatala popanda makolo awo. Anapeza kuti mwana amayamba ndi kulira ndi kulimbana, kenako amataya mtima n'kukhala zii, ndipo pambuyo pake amaoneka ngati alibenso nazo ntchito, ngakhale mayi ake atabwera. Anamwino ankasangalala mwana akafika pokhala chete, pamene kwenikweni anali atangosiya kuyembekezera kuti wina amuyankha.

Mwana wa zaka 4 sadziwa kutalika kwa nthawi. Kumuuza kuti amayi abwera pa Khirisimasi n'chimodzimodzi kumuuza kuti abwera mawa kapena sabweranso. Komanso pa msinkhu umenewu mwana amaganiza kuti zinthu zimachitika chifukwa cha iye: amayi achoka chifukwa ndinaswa mbale, chifukwa ndinalira kwambiri. Alibe mawu okwanira ofotokozera zimenezi, ndipo anthu amene akanamuthandiza ndi omwe anamuuza za kumsika. Apa ndi pomwe chithandizo cha m'masewera chimalowera.

Koma masewera asanayambe, mwana ayenera kupita kaye kuchipatala, ndipo izi ndikuzinena motsindika. Kusiya kulankhula kukhoza kungokumanizana ndi kuchoka kwa kholo pomwe gwero lake lili m'thupi. Malungo amene afika ku ubongo ndiponso matenda oumitsa khosi amatha kusiya mwana osamva kapena osalankhula. Mafinya m'khutu amachepetsa kumva. Palinso mtundu wina wa khunyu wosowa, wotchedwa Landau-Kleffner, umene nthawi zambiri umayamba mwana ali ndi zaka pakati pa 3 ndi 7: mwana amayamba kusamvetsa zimene anthu akunena, kenako kulankhula kwake n'kuzilala. Choncho dokotala amafunsa ngati mwana anatentha thupi, anakomoka, anagwa n'kumenyetsa mutu, kapena ngati kayendedwe kasintha, ndipo makutu amayezedwa. Chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre chili ndi gawo loyeza makutu. Funso lina losayenera kulumpha ndi lakuti kodi pali amene akumuchita nkhanza mwanayo kumene akukhala panopa. Ngati pali chikayiko, nkhani imapita ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu ya m'boma lanu kapena pa nambala yaulere yothandiza ana ya 116, chifukwa masewera sangachiritse bala limene likutemedwabe tsiku ndi tsiku.

Kwa kamtsikana kathu, zinthu zitatu zinasonyeza kuti vuto silinali m'makutu kapena mu ubongo. Agogo akanong'ona ali kumbuyo kwake kuti “katenge chipande”, ankapita kukatenga. Usiku ankabwebweta kutulo ndi mawu omveka bwino. Ndipo tsiku lina mlongo wake wamkulu anamupezerera kuseri kwa khola akunong'oneza nkhuku. Mawu analipo, chimene chinasowa ndi munthu woti awapatse.

Njira imene ndikufotokoza pano inakhazikitsidwa ndi Virginia Axline ku America, amene anailemba mu 1947, ndipo Garry Landreth wa ku yunivesite ya North Texas anaikulitsa ndi kuphunzitsa anthu ambiri. Maganizo ake ndi osavuta kumva kwa aliyense amene anasewerako masanje. Pa masanje ana amatengera zonse za pakhomo: amene ndi bambo amakalipa monga akalipira bambo ake enieni, amene ndi mayi amabereka chitsononkho kumbuyo n'kuchitonthoza kapena kuchimenya. Mwana amene sangathe kunena kuti “ndikuopa kuti agogonso achoka” amatha kuonetsa zimenezi ndi manja. Ntchito ya mlangizi ndi kupereka malo, nthawi ndi zipangizo, n'kumatsatira mwanayo m'malo momutsogolera.

Malowo safuna ndalama zambiri. Ife tinagwiritsa ntchito kachipinda kokhala ndi mkeka umodzi ndi chitseko chotsekeka. Zoseweretsa zimasankhidwa, sizingounjikidwa. Pamafunika za pakhomo: tizidole toimira mayi, bambo, agogo ndi khanda, timiphika, kansalu koberekera, botolo la mwana. Pamafunika zotulutsira mkwiyo, monga chilombo cha pulasitiki, ng'ona kapena fisi, ndi dongo loti angathe kulimenya. Pamafunikanso zoumbira ndi kujambula, ndiye beseni la mchenga wouma. Chifukwa cha nkhani ya mwana ameneyu tinawonjezera galimoto ya mawaya, kachikwama ndi foni ziwiri zakufa. Zidole zoyimba zokha kapena za mabatire sizithandiza, chifukwa zimasewera m'malo mwa mwana. Zinthuzo zimaikidwa pamalo omwewo sabata iliyonse, ndipo nthawi yake ndi imodzimodzi: Lachitatu 10 koloko, mphindi 30 mpaka 45. Kwa mwana amene anadzuka n'kupeza dziko lasintha, kupeza fisi ali pakona pomwe anamusiya ndi mbali ya mankhwala.

Tsiku loyamba anakana kusiya chitenje cha agogo, ndipo sitinamukakamize. Kumuchotsa mwa mphamvu kukanakhala kubwereza zimene zinamudwalitsa. Agogo anakhala pampando pafupi ndi khomo. Ndinakhala pamkeka kuti maso athu akhale pamzere umodzi n'kunena mawu ochepa: “Muno ndi mosewerera. Ungasewere ndi zinthu izi m'njira zambiri zimene ukufuna. Sukuyenera kulankhula ngati sukufuna.” Anaima mphindi pafupifupi 20 osakhudza kanthu. Ine ndinkangonena mwa apo ndi apo zimene ndikuona: “Ukuyang'ana besenilo.” “Wagwiritsa agogo, malo ano ndi achilendo.” Chakumapeto analowetsa chala chimodzi mumchenga, basi. Agogo potuluka anandifunsa kuti, “Ndiye mankhwala ake ndi omwewa, mwanangu?” Funso lawo linali loyenera, ndipo ndinawafotokozera zimene ndikufotokozerani apa.

Chovuta kwambiri kwa munthu wamkulu ndi kusafunsa mafunso. Timazolowera kuti tikakhala ndi mwana tizimufunsa: ichi n'chiyani, uyu ndani, wawasowa amayi? Kwa mwana wosalankhula funso lililonse ndi mayeso amene akulephera. Ndiye mlangizi amasandutsa funso kukhala ndemanga. M'malo mwa “Ukuphika chiyani?” amati “Ukuvundula mumphikamo.” Satchulanso chinthu dzina mwana asanasonyeze kuti ndi chiyani, chifukwa chimene ine ndikuchiona ngati galimoto mwina iye akuchiona ngati basi ya ku Joni kapena bokosi la maliro. Sayamikira ndi mawu ngati “wachita bwino, ndiwe mwana wabwino”, chifukwa mwana amayamba kusewera zokondweretsa mlangizi n'kubisa zoipa zimene zikumudya. Amanena khama limene waona: “Unalimbana nacho mpaka chatseguka.” Ndipo akaona mmene mwana akumvera mumtima amakutchula mwachidule, kamodzi, osakokera.

Malire alipo. Sabata yachinayi anatapa mchenga n'kufuna kundiwaza kumaso. Landreth amaphunzitsa kuyankha m'masitepe atatu: kuvomereza mmene mwana akumvera, kunena malire, n'kumusonyeza kumene angatulutsire. Ndinati, “Wandikwiyira kwambiri. Koma ine si wowazidwa mchenga. Ungawaze mubesenimu, kapena ungamenye dongo ili.” Anandiyang'ana kanthawi, kenako anamenya dongo ndi zibakera zonse ziwiri. Mkwiyo umenewo unandisangalatsa mumtima, chifukwa mwana amene wataya mtima sakwiya. Kukwiyira munthu kumafuna kukhulupirira kuti sakuthawa.

Sewero lake lenileni linayamba sabata yachitatu ndipo linabwerezedwa kwa milungu isanu. Ankatenga chidole chachikazi, kuchiika m'galimoto ya mawaya, kuikankhira kuseri kwa chitseko. Akatero ankabwerera kubeseni, kukumba dzenje, kuikamo kakhanda n'kukwirira mpaka kasaoneke. Ndiye ankakhala duu, manja ali pamaondo. Ine ndinkati, “Wamkuluyo wapita kutali. Wamng'onoyo watsala yekha, sakuoneka.” Sindinanene kuti awo ndi amayi ako ndipo uyu ndi iwe. Mwana amasankha chidole kuti nkhaniyo ikhale patali pang'ono ndi iye, ndipo ukamuvula chophimba chimenecho msanga amasiya sewerolo.

Pano m'pamene pamafunika diso la munthu wophunzitsidwa. Kubwereza sewero lowawa kukhoza kukhala kuchira, kukhozanso kukhala kumira. Kusiyana kwake kumaoneka m'tinthu tating'ono. Ngati sewero likuchiritsa, limasintha pang'onopang'ono: mumalowa munthu watsopano, mathero amasuntha, mwana amakucheukira, ndipo akamaliza mapewa amatsika n'kupuma bwino. Ngati wamira, sewerolo limakhala lomwelo ndendende, nkhope yake ili gwa ngati sakukuona, ndipo kunyumba maloto oipa ndi mantha zikuwonjezeka. Zikatero mlangizi sangokhala n'kumaonerera. Amalowererapo pang'ono, mwina poika chidole china pafupi ndi beseni n'kunena kuti, “Uyu akufuna amve mmene wamng'onoyo alili,” kapena pomuthandiza mwana kutuluka m'seweromo nthawi isanathe kuti asapite kunyumba ali m'dzenje.

Kwa kamtsikana kathu kusintha kunabwera kokha. Sabata yachisanu ndi chimodzi anasiya kadzanja ka khanda kali kunja kwa mchenga. Sabata yotsatira anatenga chidole cha agogo, kuchiyendetsa mozungulira beseni ngati chikufufuza, n'kufukula khandalo ndi mapazi a chidolecho. Anakasasa mchenga, kukakulunga m'kansalu. Ndinati, “Amupeza. Anamufunafuna mpaka amupeza.” Anatulutsa mpweya wautali umene ndinaumva ndili chapatali.

Komabe mphindi 45 pa sabata ndi zochepa poyerekeza ndi maola onse amene mwana amakhala pakhomo. N'chifukwa chake akatswiri ambiri amalowetsamo womulera. Bernard ndi Louise Guerney anayamba m'zaka za m'ma 1960 kuphunzitsa makolo kuti azichita okha masewerawa, ndipo Landreth ndi Sue Bratton anakonza maphunziro a misonkhano 10 momwe kholo limasewera ndi mwana mphindi 30 kamodzi pa sabata kunyumba. Mu 2005 Bratton ndi anzake anaunika pamodzi kafukufuku 93 wa chithandizo cha m'masewera ndipo anapeza kuti zotsatira zinali zabwino koposa pamene makolo anatenga nawo mbali. Kwa ine zimenezi n'zomveka: chimene chinaduka ndi chikhulupiriro cha mwana mwa anthu a pakhomo, ndiye n'pakhomo pomwe chiyenera kulumikizidwa.

Agogowo anaphunzira msanga, ngakhale poyamba ankaseka kuti munthu wa imvi akhale pansi kuphika mchenga. Tinagwirizana kuti Loweruka lililonse akatha kudya nsima ya masana aziyala mkeka kuseri kwa nyumba, atulutse katoni ya zoseweretsa imene imatuluka nthawi yokhayo, foni aisiye m'nyumba. Chinawavuta ndi kusalangiza. Mwana akaika mphika chadodolido, dzanja lawo linkapita lokha kukautembenuza. Tinagwirizananso zinthu zina za tsiku ndi tsiku. Aleke kumuuza kuti “ukapanda kunena sindikupatsa”, aleke kumulonjeza maswiti kuti alankhule, ndipo alendo akabwera n'kuyamba kuti “tapereka moni, wameza lilime?” agogo aziyankha okha kuti, “Alankhula akakonzeka.” Chachikulu koposa: asamachoke mozemba. Ngakhale popita kuchigayo azimuuza kuti, “Ndikupita kuchigayo, ndibwera usanadye chakudya cha madzulo,” ndipo azibweradi nthawi imeneyo. Masiku oyamba ankalira agogo akamatsanzika, ndipo agogo ankaona ngati tikumuzunza. Koma kulira kwa kutsanzikana kumatha munthu akabwerera. Mantha a kuzemberedwa satha, chifukwa mwana sadziwa kuti adzamuzembanso liti.

Panatsala bodza la kumsika. Tinakonza ndi agogo, komanso ndi mayi ake pa foni, mawu ochepa oona amene mwana wa zaka 4 angamve. Agogo anamuika pamwendo n'kumuuza kuti: “Amayi ako sanapite kumsika. Tinakunamiza, ndipo tinalakwa. Ali kutali, ku Joni, akugwira ntchito. Sanachoke chifukwa cha iwe. Iwe sunalakwe chilichonse. Ine ndikhala nawe.” Sanatchule tsiku lobwera chifukwa panalibe tsiku lotsimikizika, ndipo lonjezo lina losakwaniritsidwa likanagwetsa zonse. Mwana anatsika pamwendo n'kukabisala pansi pa tebulo. Usiku umenewo anakodza pogona, ndipo sabata yonseyo anali wovuta. Makolo ayenera kuchenjezedwa za zimenezi pasadakhale, chifukwa ambiri amasiya chithandizo pa nthawi imeneyi poganiza kuti chaonjeza matenda. Kuvuta kwa masiku angapo pambuyo pokhudza bala n'koyembekezeka. Kukapitirira milungu ingapo, kapena mwana akasiya kudya, ndiye kuti liwiro lachuluka ndipo mlangizi ayenera kubwerera m'mbuyo.

Foni za mayi nazo zinafunika kusintha. Poyamba ankaimba nthawi iliyonse imene apeza mpata, akulira, n'kumachonderera kuti “tandilankhula mwana wanga, ngakhale liwu limodzi”. Mwana ankatembenuza nkhope. Ndimawamvetsa mayiwo, analinso ndi bala lawo. Tinapempha kuti aziimba Lamlungu madzulo nthawi yomweyo, kwa mphindi zochepa, osafunsa kanthu. Azingomuonetsa chipinda chimene akugona, kumuuza zimene adya, n'kumuimbira nyimbo imene ankamugonekera nayo. Anapepesanso okha chifukwa chochoka osatsanzika.

Mawu anabwerera mwa njira imene amabwerera kawirikawiri, kuyambira patali. Choyamba anali mawu a zinthu: kulira kwa galimoto, kubangula kwa fisi. Kenako, sabata ya 11, anatenga foni yakufa, kundipatsa inayo, kutembenukira kukhoma n'kunong'ona m'mawu a chidole kuti, “Bwera.” Apa m'pamene anthu ambiri amawonongera. Mtima umafuna kukuwa kuti walankhula, kuitana agogo, kuomba m'manja. Ukatero mwana amaona kuti maso onse ali pa iye ndipo amabwerera m'chigoba. Ndinaika foni kukhutu n'kuyankha ndi mawu wamba, “Wamng'onoyo akuitana. Akufuna abwere.” Agogo ndinali nditawauza kale kuti tsiku limene adzalankhule kunyumba adzangoyankha zimene wanenazo ngati analankhulanso dzulo. Patapita masiku ochepa anapempha mchere pa nthawi ya chakudya, agogo n'kumupatsira, ndipo anakalirira kubafa kuti mwana asawaone.

Kusukulu ya mmera mpoyamba nkhani inali ina. Kunyumba anayamba kulankhula ndithu, koma pamaso pa alezi ndi anzake anakhalabe chete. Izi zikufanana ndi vuto lina limene madokotala amaliika m'gulu la matenda a nkhawa, pomwe mwana amalankhula bwino malo ena koma pakamwa pamauma malo ena, kwa mwezi umodzi kapena kuposerapo, osawerengera mwezi woyamba wa sukulu. Nthawi zambiri vutoli silichokera ku chipsinjo cha kusiyana ndi kholo, ndipo umboni wabwino wa chithandizo chake uli pa njira yozoloweretsa mwana pang'onopang'ono osati pa masewera otsatira mwana okha. Apa ndiye pali malire a zimene ndafotokozazi. Tinasintha njira: agogo ankabwera kusukulu ana ena ataweruka n'kusewera naye m'kalasi mopanda munthu mpaka atayamba kulankhula momasuka. Kenako mlezi ankakhala panja pa khomo lotsegula akuchita zake, tsiku lina n'kulowa kukhala pakona, tsiku lina n'kuyandikira kulowa nawo m'sewero. Mwana akangoti zii, ndiye kuti sitepe yakula, ndipo ankabwerera pa yapitayo. Pambuyo pake anawonjezerapo mnzake mmodzi.

Kutalika kwa chithandizo kumasiyana. Ana ambiri amafuna miyezi ingapo, ndipo njira ina yothandizira mwana ndi kholo limodzi, imene Alicia Lieberman ndi Patricia Van Horn anakonzera ana osapitirira zaka 5 amene aona zoopsa, imatenga pafupifupi chaka. Ngati padutsa misonkhano 8 kapena 10 popanda kusintha kulikonse, kaya m'sewero, m'tulo kapena m'kadyedwe, ine ndimabwerera ku mafunso oyamba aja: makutu, ubongo, ndi zimene zikuchitika pakhomo zomwe sitinauzidwe. Muyeso wa kuchira si mawu okha. Kugona bwino, kusiya kukodza pogona, kulola agogo kupita kuchigayo ndi kuyamba kusewera ndi ana ena zimabwera mawu asanabwere.

Kutsiriza nako kumakonzedwa, chifukwa mlangizi akangosowa mwadzidzidzi amakhala munthu winanso amene wachoka osatsanzika. Titatsala ndi misonkhano inayi ndinaika timiyala tinayi m'mbale n'kumuuza kuti nthawi iliyonse akabwera azichotsa kamodzi, ndipo timiyala tikatha sadzabweranso kuchipinda chino, koma masewera a Loweruka ndi agogo apitirira. Sabata yotsatira anakwiriranso khanda mumchenga, zimene anali atasiya kwa mwezi wathunthu, kenako analifukula yekha. Tsiku lomaliza, la 20, anachotsa mwala wotsiriza n'kundifunsa ngati angautenge. Anaukulunga m'ngodya ya chitenje cha agogo, pomwe iwo amamangapo ndalama ya minibasi, n'kuwauza kuti amange kawiri.